Mmene mungawerengere Chifalansa ndi Chiviyetinamu pa chithunzi chimene tizizindikiro ta pa zilembo tafufutika

Munthu akajambula kalata ndi foni n'kuitumiza pa WhatsApp, zilembo zimafika koma timizere ndi timadontho ta pamwamba ndi pansi pa zilembozo nthawi zambiri timathera m'njira. M'Chichewa vutoli silitipweteka kwenikweni. Tili ndi ŵ yekha, ndipo amene walemba Malawi m'malo mwa Malaŵi palibe amene amamufunsa. Ngakhale mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika, amene timawatchula mosiyana, timawalemba mofanana ndipo nkhani yake ndiyo imatiuza. Chifalansa sichikhululuka choncho, ndipo Chiviyetinamu ndiye sichikhululuka n'komwe. Pa invoyisi ya Chifalansa, montant dû ndi ndalama zimene mukuyenera kulipira, pomwe montant du ndi chiganizo chosamaliza chotanthauza "kuchuluka kwa". M'Chiviyetinamu muối ndi mchere, muỗi ndi udzudzu, mười ndi khumi. Pa chithunzi chosaoneka bwino onse atatuwa amangooneka ngati muoi.

Masitepe otsatirawa ndi a munthu amene walandira chithunzi chotere ndipo akufunika kuchikopera, kuchimasulira kapena kulipira ndalama motsatira zimene chikunena.

Choyamba: yezani kutalika kwa chilembo

Musanayambe kuwerenga, tsegulani chithunzicho pa kompyuta n'kuchikulitsa mpaka muyambe kuona timabokosi tating'onoting'ono timene timapanga chithunzi, timene timatchedwa mapikiselo. Pezani chilembo chaching'ono chopanda mchira ngati x, a kapena o, ndipo werengani kuti chatenga mapikiselo angati kuchoka pansi kufika pamwamba. Nambala imeneyi ndiyo ikuuzeni ngati mungachikhulupirire chithunzicho.

Masamu ake ndi awa. Pepala la A4 ndi lotalika mamilimita 297. Mukaliika pa sikana pa 300 dpi, kutanthauza mapikiselo 300 pa inchi iliyonse, limatuluka ndi mapikiselo 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali. Zilembo za saizi 10, zomwe ndi zofala m'makalata a m'maofesi, zimakhala ndi x wotalika mapikiselo pafupifupi 20. Kadontho ka pansi pa ạ kamatenga mapikiselo anayi kapena asanu, ndipo kamaoneka bwinobwino. Tsamba lomwelo likatumizidwa pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, pulogalamuyo imalichepetsa mpaka mbali yaitali ikhale mapikiselo pafupifupi 1600. Apa x watsika kufika pa 9, kadontho katsala ndi mapikiselo awiri. Ndiye nthawi zambiri wojambulayo amaima patali, pepala n'kungotenga gawo la chithunzi, kwina konse kukhala tebulo ndi kapu ya tiyi. Zikatero x amatsika mpaka 6, ndipo kusiyana kwa é ndi è kumatsalira pa pikiselo imodzi yotuwa.

Pali chinanso chowonjezera vutoli. Zithunzi za JPEG zimapanikizidwa m'timagawo ta mapikiselo 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, ndipo m'kagawo kalikonse chimene chimayamba kutayidwa ndi tinthu tating'ono kwambiri. Thupi la chilembo limapulumuka chifukwa ndi lalikulu. Kamzere ka pamwamba kamasanduka kamtambo kotuwa, kapena kamalumikizana ndi chilembocho.

Lamulo langa ndi ili. Ngati x ali ndi mapikiselo 20 kapena kuposa, werengani mosadera nkhawa. Pakati pa 10 ndi 20, Chifalansa chimawerengeka koma Chiviyetinamu chiyenera kukayikiridwa, chifukwa chilembo chimodzi chimatha kusenza tizizindikiro tiwiri, ngati ế kapena ữ. Pansi pa 10, chilichonse chimene mukuona pamwamba pa chilembo ndi chongoganizira.

Chachiwiri: pemphani china musanavutike

Ichi ndicho chimene anthu amadumpha, chonsecho ndicho chimathetsa nkhani mwachangu. Uzani amene anatumizayo kuti atumizenso, koma mumuuze mmene achitire, apo ayi akutumizirani chithunzi chomwecho kachiwiri.

Ngati kalatayo inalembedwa pa kompyuta, pemphani fayilo yake ya PDF, kapena angokopera mawuwo n'kuwatumiza ngati meseji. Mawu otayipa sataya tizizindikiro ngakhale atadutsa m'mafoni khumi. Ngati ndi pepala, alijambule masana pafupi ndi windo, popanda kuyatsa kagetsi ka kamera, foni italunjika pamwamba pa pepala osati mopendekeka, ndipo ajambule theka lapamwamba palokha, theka lapansi palokha. Potumiza pa WhatsApp asankhe `Document` m'malo mwa `Gallery`, chifukwa fayilo yotumizidwa motero imafika mmene inalili. Asajambule sikirini ya foni, poti zimenezo zimangopereka mapikiselo a sikiriniyo basi.

Ngati pali sikana, aike 300 dpi, kapena 400 mpaka 600 ngati zilembo ndi zazing'ono ngati za pa paketi ya mankhwala, ndipo asankhe `Grayscale`. Kusankha `Black & White` kumakakamiza pikiselo iliyonse kukhala yakuda kapena yoyera, ndipo kamzere kotuwa kaja kamagwera ku zoyera. Masikana ena ali ndi `Despeckle`, yochotsa timadontho ta fumbi. Imeneyo azimitse. Makina sadziwa kusiyanitsa fumbi ndi kadontho ka pansi pa ạ, ndiye amasesa zonse.

Chachitatu: kulitsani, koma dziwani malire ake

Zimachitika kuti china sichingapezeke: pepala linatayika, kapena mwini wake sakuyankha. Apa gwirani ntchito ndi chimene muli nacho. Amene ali ndi ImageMagick, pulogalamu ya pa kompyuta yosinthira zithunzi, angaone kukula kwa chithunzi n'kuchikulitsa katatu motere:

```
magick identify tsamba.jpg
magick tsamba.jpg -colorspace Gray -resize 300% tsamba.png
```

Sungani ngati PNG kuti chisapanikizidwenso. Kukulitsaku kumathandiza maso anu kuona mbali imene kamtambo kapendekera, koma sikubweza chimene chinatayika. Samalani ndi mapulogalamu a pa foni amene amati amawalitsa zithunzi zosaoneka bwino. Amatulutsa zilembo zosalala zooneka ngati zenizeni, ndipo pamene panali kamtambo amatha kujambulapo kamzere kopendekera mbali yolakwika. Bola chithunzi chosaoneka bwino, chimene chimakuchenjezani chokha kuti musachikhulupirire.

Ngati mukufuna kuti kompyuta iwerenge mawuwo, iuzeni chilankhulo. Tesseract, pulogalamu yowerenga mawu a pa zithunzi, ikapanda kuuzidwa imawerenga ngati Chingerezi, ndipo imataya kapena kusokoneza zilembo zimene sikuziyembekezera.

```
tesseract tsamba.png - -l vie
tesseract tsamba.png - -l fra
```

Zimene yatulutsa zitengeni ngati poyambira chabe. Ndipo mukaona `Ã©` pamene panayenera kukhala é, dziwani kuti limenelo si vuto la chithunzi. Ndi mawu osungidwa m'njira imodzi yosungira zilembo pa kompyuta, ya UTF-8, amene atsegulidwa m'njira ina, ya Windows-1252, ndipo mukawatsegula moyenera tizizindikiro tonse timabwerera.

Chachinayi: funsani chilankhulocho

Maso akalephera, malamulo a chilankhulo amachepetsa zoti musankhepo.

Tiyambe ndi Chifalansa, chimene ambiri kuno angakumane nacho pa makalata ochokera ku Congo kapena ku Burundi, monga amene amabwera ndi anthu okhala ku Dzaleka m'boma la Dowa. Tizizindikiro take ndi tisanu: ka pa é, ka pa è, kachipewa ka pa ê, timadontho tiwiri ta pa ï, ndi kamchira ka pansi pa ç. Mawu ambiri akataya kachizindikiro amangokhala olakwika kalembedwe, ndipo aliyense amaona kuti recu ndi reçu, lisiti. Oopsa ndi amene akataya amasanduka mawu ena enieni. Ou ndi "kapena", où ndi "kuti" wofunsa malo. Sur ndi "pamwamba pa", sûr ndi "wotsimikiza". Mais ndi "koma", maïs ndi chimanga. Sale ndi chauve, salé ndi chothira mchere. Tache ndi banga, tâche ndi ntchito imene munthu wapatsidwa.

Pali njira zoyesera zimene ana a sukulu ku France amaphunzitsidwa. Mukakayikira pakati pa a ndi à, ikanipo avait. Chiganizo chikamvekabe, ndi a wopanda kanthu, mneni wotanthauza "ali ndi". Chikasokonekera, ndi à. Pa ou ndi où ikanipo ou bien, ndipo ikakwana ndiye kuti ndi ou. Chilembo cha ù mulibe m'mawu ena odziwika kupatula où yemweyo, choncho kamtambo ka pamwamba pa u m'mawu ena kangakhale û kapena ü basi. Kamchira ka ç kamabwera pa c wotsatidwa ndi a, o kapena u, ndiye kadontho ka pansi pa c mu merci ndi fumbi.

Pamene pamafunika maso kwambiri ndi pa e wa kumapeto kwa mneni, chifukwa é pamenepo amasonyeza kuti chinthucho chinachitika kale. Livre pa fomu ndi buku, livré ndi katundu amene waperekedwa. Aphunzitsi a Chifalansa amakonda chitsanzo cha mutu wa nkhani wa zilembo zikuluzikulu, UN INTERNE TUE. Mmene walembedweramu ukunena kuti dokotala wophunzira ntchito wapha munthu. Mukaika é pa liwu lomaliza, dokotalayo ndiye waphedwa. Mukaika pa onse awiri, UN INTERNÉ TUÉ, wophedwayo ndi munthu amene anatsekeredwa m'chipatala kapena m'kampu. Chitsanzochi chikuonetsanso msampha wina: anthu ambiri olemba Chifalansa saika tizizindikiro pa zilembo zikuluzikulu, ngakhale kuti Académie française, bungwe loyang'anira Chifalansa, imati tiziikidwa. Choncho pa mutu wa kalata kapena pa chidindo, kachizindikiro mwina sikanalembedwe n'komwe, ndipo kusinzinira pa chithunzi sikungakuthandizeni. Fufuzani liwu lomwelo m'kati mwa kalatayo, pamene lalembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono.

Chiviyetinamu chili ndi tizizindikiro ta mitundu iwiri, ndipo ndi bwino kutisiyanitsa m'mutu. Mtundu woyamba umapanga zilembo zatsopano: ă, â, ê, ô, ơ, ư ndi đ. Izi si a kapena u wokongoletsedwa, ndi zilembo pazokha pakati pa zilembo 29 za chilankhulocho. Mtundu wachiwiri umasonyeza kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu potchula. Katchulidweka kalipo ka mitundu isanu ndi umodzi, umodzi sulembedwa, isanu imalembedwa. Ma ndi mzukwa, má ndi mayi kapena tsaya, mà ndi "koma", mả ndi manda, mã ndi nambala yachinsinsi kapena kavalo, mạ ndi mbande za mpunga. Kalembedweka kanayambitsidwa ndi amishonale a Chikatolika, ndipo kanasindikizidwa mu dikishonale ya Alexandre de Rhodes ku Rome mu 1651. Poti mawu ambiri ndi afupiafupi, kachizindikiro kamodzi kamasenza katundu wolemera: mua ndi kugula, mưa ndi mvula, mùa ndi nyengo. Bán ndi kugulitsa, bàn ndi tebulo, bạn ndi bwenzi.

Lamulo limodzi limapulumutsa kwambiri. Liwu lothera ndi p, t, c kapena ch limalandira tizizindikiro tiwiri tokha ta katchulidwe: kamzere kokwera ngati ka pa á, kapena kadontho ka pansi ngati ka pa ạ. Silingakhale lopanda kanthu. Ndiye mukaona thit pa chithunzi, dziwani kuti china chake chatayika, ndipo funso latsala limodzi: kodi kamtambo kali pamwamba kapena pansi? Kakakhala pansi ndi thịt, nyama. Mukapezanso mawu awiri kapena atatu otere pa tsamba akuoneka opanda kanthu, ndi umboni woti tsamba lonselo lataya tizizindikiro, ngakhale pa mawu amene akuoneka ngati ali bwino.

Chitsanzo: kokonati kapena chinanazi

Tiyerekeze kuti mwalandira chithunzi cha invoyisi yochokera kwa wogulitsa zakudya wa ku Vietnam. Mwayeza x, ali ndi mapikiselo 8. Mzere umodzi ukuoneka ngati Mut dua, 20 thung, ndipo pamwamba pa u aliyense pali kamtambo.

Yambani ndi mawu osavuta. Thung wobwera pambuyo pa nambala pa invoyisi ndi thùng, katoni. Mut akuthera ndi t, choncho ali ndi kamzere kokwera kapena kadontho ka pansi. Kamtambo kali pamwamba, ndipo pa zakudya liwu lokwana ndi mứt, zipatso zophikidwa ndi shuga. Mpaka apa chilankhulo chatithandiza popanda kuvutitsa maso.

Dua ndiye wovuta. Dưa ndi gulu la mavwende ndi nkhaka, dừa ndi kokonati, dứa ndi chinanazi, ndipo đũa ndi timitengo todyera. Yang'anani kaye d. Ngati msana wake wadulidwa ndi kamzere kopingasa, ndi đ. Tinene kuti ndi woyera, ndiye timitengo tachoka, ndipo mứt wa timitengo kulibe. Kenako yang'anani u. Kanyanga ka ư kamatuluka kudzanja lamanja, pa msinkhu wa mutu wa chilembo, pomwe kachizindikiro ka katchulidwe kamakhala pamwamba, kolekana ndi chilembocho. Ngati pali mdima kudzanja lamanja kokha, liwulo ndi dưa. Ngati palinso kamtambo pamwamba, kwatsala dừa ndi dứa. Vuto lake n'lakuti mứt dừa ndi mứt dứa zonse ndi zakudya zenizeni zimene zimagulitsidwa, choncho nkhani ya chiganizo sikusankhirani.

Apa gwiritsani ntchito tsamba lomwelo ngati choyezera. Mwadziwa kale kuti mứt ali ndi kamzere kokwera pa ư, ndipo thùng ali ndi kamzere kotsika pa u. Dulani mawu atatuwa, muwaike pamodzi, muwakulitse mofanana. Pa kamzere kokwera, mbali yokwezeka ya kamtambo imakhala kumanja. Pa kotsika imakhala kumanzere. Ngati kamtambo ka pa dua kakufanana ndi ka pa thùng, katunduyo ndi kokonati. Kuyerekeza kotereku ndi kodalirika kuposa kuyang'ana liwu limodzi palokha, chifukwa zilembo ndi za mtundu umodzi ndipo zinawonongeka mofanana.

Zikakanikabe, fufuzani umboni kwina pa pepalalo. Pansi pa mutu wakuti Thành phần, pamene amalemba zosakaniza, cơm dừa ndi mnofu wa kokonati. Adiresi ya ku Bến Tre imakankhira ku kokonati, chifukwa dera limenelo ndi lotchuka ndi mbewu imeneyi, ndiponso anthu a kumwera kwa dzikolo chinanazi amakonda kuchitchula thơm kapena khóm. Komabe adiresi si umboni wolipirira makatoni 20. Imangokuuzani funso loti mufunse.

Pa paketi yomweyo yang'ananinso mzere wa chenjezo kwa amene zakudya zina zimawadwalitsa. Có chứa sữa akutanthauza kuti muli mkaka. Popanda tizizindikiro, chua ndi chowawasa, ndipo chưa ndi "sizinachitike". Pa mzere umenewu ine sindilola zongoganizira, ndipo n'chimodzimodzi pa mlingo wa mankhwala.

Chachisanu: mayina musawaganizire

Mawu wamba amathandizidwa ndi chiganizo, dzina la munthu lilibe chothandizira. Dung nthawi zambiri ndi dzina la mkazi, Dũng ndi la mwamuna. Thúy, Thùy ndi Thủy ndi mayina atatu osiyana. M'Chifalansa Rene wa pa chithunzi angakhale René, ndipo e wowonjezera wa Renée ndiye amasonyeza kuti ndi mkazi, monga mmene né le ndi née le zimasiyanirana pa chikalata cha kubadwa. Mizere iwiri ya pansi pa pasipoti, imene imawerengedwa ndi makina, singakuthandizeni, chifukwa malamulo a ICAO, bungwe la dziko lonse loyang'anira za ndege, salola tizizindikiro pamenepo. Funsani mwini wake kuti atayipe dzina lake n'kukutumizirani.

Chachisanu ndi chimodzi: lembani zimene mwapeza, sonyezani zimene mukukayikira

Potayipa musatayenso tizizindikiro timene mwavutikira kupeza. Pa foni, kukanikiza chilembo kwa kanthawi kumatulutsa é, è, ê ndi ç. Pa Windows, Alt ndi `0233` pa manambala a kumanja amapereka é, `0224` amapereka à, `0251` amapereka û. Pa Chiviyetinamu onjezani kiyibodi ya chilankhulocho ndipo gwiritsani njira ya Telex, imene imagwiritsa zilembo wamba: `uw` amapereka ư, `dd` amapereka đ, `s` kumapeto amaika kamzere kokwera, `f` kotsika, `j` kadontho ka pansi.

```
duwaf   dừa
duwas   dứa
thitj   thịt
```

Pamene simunatsimikize, lembani zonse ziwiri ndi chizindikiro cha funso, mwachitsanzo dừa/dứa?, kuti wolandira ntchito yanu aone pamene pali mpata. Potumiza funso kwa wogulitsa, musalembe liwulo lokha, chifukwa anthu ambiri a ku Vietnam amalemba mameseji a pa foni popanda tizizindikiro, ndipo yankho lingabwere lakuti dua. Tumizani chithunzi cha kokonati ndi cha chinanazi, muike 1 ndi 2, n'kumupempha kuti ayankhe ndi nambala.